"Ikumangozima Yokha": Kalata Yomwe Wokonza Laputopu Amailakalaka

Amisiri okonza makompyuta saopa laputopu yomwe yaferatu. Imeneyo amaitsegula, n'kuyeza magetsi pa bolodi lake, ndipo pofika madzulo amakhala atadziwa ngati idzuke kapena ayi. Yomwe imawasowetsa tulo ndi ija yobwera ndi mawu akuti "ikumangozima yokha", koma ikafika patebulo la mmisiri n'kuyaka bwinobwino, n'kugwira ntchito tsiku lonse popanda chovuta. Imakhala ngati mwana wobuula usiku wonse amene akangofika pabwalo la chipatala amayamba kuthamangitsa nkhuku. Mmisiri amaisunga masiku awiri, saona kanthu, amaipukuta fumbi, mwina n'kuifomata, kenako n'kuibweza. Mwini wake amalipira n'kupita kwawo, ndipo sabata isanathe, ali mkati molemba lipoti la kuntchito, laputopu ija yachitanso zomwe zija.

Pankhani yotereyi palibe amene wanama. Kasitomala analionadi vutolo, ndipo mmisiri sanalionedi. Vuto lobwera mwa apo ndi apo limakonzeka pokhapokha wokonzayo akatha kuliputa kuti lichitike iye akuona, kapena akapeza pomwe linasiya mapazi. Tsono munthu yekhayo amene analiona likuchitika ndi mwini laputopu, yemwe nthawi zambiri safika n'komwe kushopu. Amangotuma mwana kapena wakabaza, n'kuikamo kapepala ka mawu ochepa: "Bwana, ili ndi vayirasi, ikuzima nthawi ina iliyonse, chonde ikonzeni msanga."

Kapepala kameneka kali ndi chinthu chimodzi chomwe mwiniwake sanachione koma wangoganiza, ndicho vayirasi, ndi chinthu china chomwe anachiona koma sanachifotokoze, ndicho kuzimako. Mu 1999 katswiri wa mapulogalamu wa ku Britain, Simon Tatham, yemwe analemba pulogalamu ya PuTTY, anatulutsa nkhani yolangiza anthu mmene angafotokozere zolakwika za m'mapulogalamu. Mfundo zake zikuluzikulu zinali zoti cholinga cha lipoti ndi kuthandiza wokonza kuti aone vutolo ndi maso ake, komanso zoti wolemba azilekanitsa zomwe waona ndi zomwe akungoganiza. Ankanena za mapulogalamu, koma aliyense amene anagwirapo ntchito yokonza malaputopu angavomereze kuti malangizowo ndi a kwa iyenso.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa kusekondale wasankha kulemba kalata yeniyeni m'malo mwa kapepala kaja. Ingaoneke motere:

"Zikomo bambo,

"Ndatumiza laputopu yanga ndi mphwanga chifukwa ine ndili kusukulu mpaka Lachisanu. Ndi Dell Latitude 5490, ili ndi Windows 10, ndipo ndinagula chaka chatha yogwiritsidwapo kale ntchito.

"Vuto lake ndi ili: imaonetsa sikirini yabuluu yokhala ndi mawu, kenako n'kudziyatsanso yokha. Sikuti imangoti zii ayi. Zimachitika kamodzi kapena kawiri patsiku, koma masiku ena sizichitika. Sabata yathayi ndakhala ndikulemba, ndipo zithunzi za sikiriniyo ndakutumizirani pafoni.

"Lolemba cha m'ma 10 koloko m'mawa, ili pa tchaja, nditatsegula Excel ndi masamba ambiri a Chrome, inalemba MEMORY_MANAGEMENT. Lachiwiri sinavute, koma tsikulo ndinangolemba kalata imodzi mu Word. Lachitatu usiku, ili pa batire, ndikuonera kanema, inalemba IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Lachinayi masana, ndili pamsonkhano wa Zoom, inalemba PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, ndipo itayakanso inachitanso patatha mphindi 40, ulendo uno MEMORY_MANAGEMENT.

"Kunsi kwake sikutentha kwambiri ndipo fani siilira modabwitsa. Sinagwepo, sinanyowepo. Ndikainyamula kapena kupinda chivundikiro palibe chimachitika. Tchaja ndi yomwe ndinagulira limodzi, ya 65W. China n'chakuti masamba a Chrome nthawi zina amafa okha, ndipo fayilo ina yomwe ndinakoka pa intaneti inakana kutseguka mpaka nditaikokanso.

"Miyezi iwiri yapitayo ndinawonjezera ramu, kuchoka pa 8GB kufika pa 16GB. Yowonjezerayo ndinagula yakale. Vutoli ndinayamba kuliona patatha pafupifupi sabata imodzi. Ndayesa kufufuza mavayirasi ndi Windows Security, sinapeze kanthu. Milungu itatu yapitayo mnzanga anaifomata n'kuikanso Windows, koma tsiku lachiwiri lake vuto linabwerera.

"Ine ndimaganiza kuti ndi vayirasi, koma amenewo ndi maganizo anga chabe. Mafayilo anga ndakopera kale. Ndikupempha kuti musaifomate kapena kusintha chipangizo chilichonse musanandiimbire. Pasiwedi ndikuuzani pafoni.

"Ine kasitomala wanu."

Kalatayi siitalika kupitirira tsamba limodzi, ndipo mulibe mawu omwe mphunzitsiyu anafunika kukaphunzira kukoleji ya zamakompyuta. Koma mmisiri wodziwa ntchito, asanamasule n'komwe sikulu imodzi, akhala atachotsa kale zinthu zingapo pa mndandanda wa zomwe akuzikayikira. Tiyeni tione mmene maganizo ake akuyendera.

Chiganizo choyamba chomwe chimamukoka ndi chakuti "sikuti imangoti zii ayi". Anthu amati "yazima" ponena zinthu zosiyana kwambiri, ndipo chilichonse chimaloza kwake. Pali laputopu yomwe imathima mwadzidzidzi ngati wina wazula waya, magetsi onse n'kuzima, fani n'kusiya kulira. Imeneyo kawirikawiri vuto lake ndi la magetsi kapena kutentha: batire, tchaja, polowetsera tchaja, kapena purosesa yomwe yadzitchinjiriza kuti isapse. Pali ina yomwe imangouma, chithunzi chili pomwepo koma mausi sakuyenda. Pali yomwe sikirini yokha ndiyo imada pomwe nyimbo ikupitiriza kulira, ndipo imeneyo sinazime n'komwe, vuto lili ku sikirini, ku waya wake wodutsa pa mahinji, kapena ku mbali yoona za zithunzi. Ndiye pali ya mphunzitsiyu, yomwe Windows imaona yokha kuti china chake chasokonekera mkatikati, n'kuimitsa zonse dala kuti isawononge zambiri, n'kulemba chifukwa chake.

Pali kanjira kosavuta kosiyanitsira zina mwa izi, ndipo kasitomala angakachite yekha. Laputopu ikauma kapena sikirini ikada, adine batani la Caps Lock n'kuyang'ana kagetsi kake. Kagetsiko kakamayaka ndi kuzima, makinawo akadali moyo ndipo chomwe chavuta ndi pulogalamu imodzi kapena sikirini. Kakapanda kusintha, zonse zaimiratu. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi m'kalata chingapulumutse mmisiri maola ambiri.

Kenako pali mawu a zilembo zikuluzikulu aja. Windows imawalemba kumunsi kwa sikirini pambuyo pa mawu akuti Stop code, ndipo nthawi zina pamakhalanso mzere wa What failed wotchula dzina la fayilo. Ambiri amawaona ngati zilembo zoopsa zopanda tanthauzo, n'kudikira kuti zichoke. Chonsecho ndiwo umboni waukulu kuposa wina uliwonse, ndipo kuujambula ndi foni sikutenga ngakhale masekondi asanu. M'makompyuta ena a Windows 11 sikiriniyi inasintha kukhala yakuda kuyambira mu 2025, koma mawu ofunikirawo akadalipo.

Mphamvu ya mzere wa What failed inaoneka padziko lonse pa 19 Julayi 2024. Tsiku limenelo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha kampani ya Microsoft, anagwa pa sikirini yabuluu. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Pa masikirini ochuluka panali dzina limodzimodzi, `csagent.sys`, fayilo ya pulogalamu yoteteza makompyuta ya kampani ya CrowdStrike, yomwe inali itangotumiza zosintha zolakwika. Dzina lomwelo, kulikonse, nthawi zonse: amisiri sanachedwe kudziwa koyang'ana.

Lamulo la zimenezi ndi lomwelo ngakhale pa laputopu imodzi. Ngati mawu ndi amodzimodzi nthawi zonse, ndipo fayilo yotchulidwa ndi yomweyo, wokayikiridwa ndi dalaivala. Awa ndi timapulogalamu tomwe timalankhulitsa Windows ndi zipangizo monga wayilesi ya intaneti, sipika kapena chipangizo cha zithunzi. Dalaivala wolakwika amalakwitsa pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza. Koma m'kalata ya mphunzitsiyu mawu akusinthasintha, lero awa, mawa ena, ndipo onse atatu akukhudza kuwerenga kapena kusunga zinthu mu ramu. Apa mmisiri amayamba kumwetulira.

Ramu ndi timabolodi tating'ono tomwe kompyuta imaikapo zonse zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Muli timalo mabiliyoni ambiri, kalikonse kosunga 0 kapena 1. Kamalo kamodzi kakayamba kuiwala, zotsatira zake zimadalira chomwe chinaikidwa pamenepo nthawi imeneyo, ndipo chimenecho chimasintha nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Pakakhala kachidutswa ka chithunzi, palibe amene azindikire. Pakakhala tsamba la Chrome, tsambalo limafa lokha. Pakakhala fayilo yomwe ikukokedwa pa intaneti, imafika yopunduka. Pakakhala mbali ya Windows yeniyeniyo, sikirini yabuluu imabwera, ndipo mawu ake amatengera mbali yomwe yakhudzidwa. N'chifukwa chake tizinthu tiwiri tomwe mphunzitsi anatiika ngati tongowonjezera, masamba akufa ndi fayilo yokana kutseguka, ndi umboni wolemera. Anachita bwino kusatisiya poganiza kuti n'tosafunika.

Ngakhale Lachiwiri lopanda vuto lija lili ndi phindu. Tsiku lomwe anangolemba kalata imodzi, ramu yambiri inali yongokhala, choncho mwayi woti chinthu chofunika chigwere pamalo owonongeka unali wochepa. Masiku omwe inadzaza ndi Excel, Chrome ndi Zoom, mwayiwo unakula. Chomwe chinkaoneka ngati chongochitika mwangozi chayamba kuonetsa dongosolo, ndipo dongosololo latulukira chifukwa munthu analemba tsiku, nthawi ndi zomwe ankachita kwa masiku anayi okha.

Ziganizo zonena zomwe sizikuchitika nazonso zikugwira ntchito. Taganizirani kutentha, komwe anthu ambiri amakuloza msanga, makamaka mu Okutobala fumbi litatseka tizitsulo toziziritsa ndipo laputopu ikugwiritsidwa ntchito pabulangete. Kutentha kuli ndi khalidwe lake lodziwika. Fani imalira kwambiri, mpweya wotuluka umachepa kapena kutentha moopsa, kompyuta imayamba kuchedwa chifukwa purosesa ikudzichepetsera liwiro ikamayandikira madigiri 100, ndipo zikapitirira imathima popanda sikirini yabuluu. Ukaiyatsanso nthawi yomweyo imathima msanga kuposa poyamba, koma ukaisiya ola limodzi imapirira nthawi yaitali. M'kalatayi mulibe chilichonse chotere. Mmisiri adzayezabe kutentha, chifukwa dzanja la kasitomala si choyezera, koma sadzayambira pamenepo.

Batire nalo lachoka pa mndandanda, chifukwa vuto lachitika ili pa tchaja komanso ili pa batire. Zikanakhala kuti imazima pokhapokha tchaja ikazulidwa, kapena magetsi akathima, kapena pamene batire likusonyeza kuti latsala ndi gawo lalikulu ndithu, nkhani ikanakhala ina. Zoterezi kasitomala angathe kuzitsimikiza yekha potsegula Command Prompt n'kulemba:

```
powercfg /batteryreport
```

Lipoti lotulukalo limaonetsa manambala awiri ofunika, Design Capacity yomwe ndi mphamvu yomwe batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity yomwe ndi mphamvu yomwe likutha kusunga panopa. Yachiwiriyo ikatsika kufika theka la yoyamba kapena kucheperapo, batire latopa. Ndipo ngati kabwalo kosisita ndi chala kayamba kutukuka, kapena chivundikiro cha kunsi chikusiya mpata, batire latupa. Zimenezo zilembedwe pamwamba penipeni pa kalata ndipo laputopuyo isatchajidwenso, chifukwa batire lotupa likhoza kuyaka moto.

Mawu akuti "ndikainyamula palibe chimachitika" akuchepetsa nkhawa ya waya wokhwefuka kapena bolodi lothetheka, zomwe zimaonekera munthu akanyamula laputopu ndi dzanja limodzi pakona. Disiki nayo imakhala ndi zizindikiro zake: kuuma kwa masekondi ambiri vuto lisanafike, mawu ngati KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR kapena CRITICAL_PROCESS_DIED, ndipo nthawi zina ikayakanso imanena kuti sikupeza disiki yoyambira. Palibe chimodzi mwa izi chomwe mphunzitsi watchula.

Ndime yolemera kwambiri m'kalata yonse ndi yonena zomwe zinasintha. Ndi ndimenso yomwe makasitomala amakonda kuibisa. Wina amachita manyazi kuti anatsegula yekha laputopu, wina safuna kunena kuti mwana anatayirapo tiyi miyezi itatu yapitayo, wina amaopa kuti mmisiri akwiya akamva kuti inayamba yapita kwa mmisiri wina. Kubisako sikuthandiza, chifukwa dzimbiri la tiyi limaoneka bolodi likatsegulidwa, ndipo masikulu opotoka mitu amadzinenera okha. Chomwe chimatayika ndi nthawi, ndipo nthawi ya mmisiri amalipira ndi kasitomala yemweyo.

Mphunzitsiyu wanena zoona zonse, kuphatikizapo chinthu chomwe chikanamusokoneza iye mwini: vuto silinayambe tsiku lomwe ramu inaikidwa, koma patapita sabata. N'chifukwa chake sanalumikize ziwirizi. Kwa mmisiri mpata wa sabatawo si wodabwitsa, popeza ramu yokhala ndi kachilema kakang'ono imatha kugwira ntchito masiku angapo isanaonetse khalidwe lake.

Nanga kufomata kuja? Apa pali phindu ndi chitayiko. Phindu n'lakuti kwatsimikiza kuti vayirasi si wolakwa, chifukwa Windows yatsopano pa disiki yopukutidwa yavutabe tsiku lachiwiri. Chitayiko n'chakuti kunafafaniza mbiri yonse ya milungu yoyamba. Kufomata kwasanduka mankhwala a matenda onse m'mashopu ambiri komanso pakati pa abwenzi odziwako pang'ono, koma pa vuto la mwa apo ndi apo kuyenera kubwera pambuyo poti wina wawerenga zomwe kompyutayo inalemba, osati patsogolo.

Pakuti Windows imalemba. Kasitomala amene sanathe kujambula sikirini, mwina chifukwa inachoka msanga, angapezebe mbiriyo. Adine batani la Windows limodzi ndi R, n'kulemba:

```
perfmon /rel
```

Patuluka tchati cha masiku, ndipo tsiku lililonse lomwe kompyuta inagwa lili ndi kachizindikiro kofiira. Kujambula tchaticho n'kuchiphatikiza ku kalata n'kokwanira. Amene akufuna kuti sikirini yabuluu izikhalitsa mpaka aijambule angalembe `sysdm.cpl` pamalo omwewo, n'kupita pa Advanced, kenako pa Settings ya Startup and Recovery, n'kuchotsa chizindikiro pa Automatically restart.

Pali msampha umodzi womwe umakola anthu ofufuza okha. Mu Event Viewer amapezamo mzere wofiira wa Kernel-Power wokhala ndi nambala 41, n'kuthamangira kulemba kuti apeza vuto, ndi la magetsi. Mzerewu sunena chifukwa chilichonse. Umangonena kuti kompyuta inayakanso isanazimitsidwe mwadongosolo, ndipo umalembedwa ngakhale munthu atangopanikiza batani lozimitsira kwa nthawi yaitali. Chothandiza chili mkati mwake, pa BugcheckCode. Pakakhala 0, ndiye kuti Windows sinapeze mpata wolemba chifukwa, monga zimakhalira magetsi akaduka kapena makina akaumiratu. Pakakhala nambala ina, panali sikirini yabuluu. Mwachitsanzo 26 ndi nambala ya MEMORY_MANAGEMENT.

Tsopano laputopu ili patebulo. Mmisiri wopanda kalata akanaiyatsa n'kumaidikira. Uyu akuyamba ndi foda ya `C:\Windows\Minidump`, momwe Windows imasiya kafayilo kakang'ono pa kugwa kulikonse. Akutsegula timafayiloto ndi WinDbg kapena BlueScreenView ndipo akupeza zomwe kalata yanena: mawu osiyanasiyana, popanda dalaivala mmodzi wobwerezabwereza. Dzina lomwe likuonekera kawirikawiri ndi `ntoskrnl.exe`, koma iye akudziwa kuti limeneli ndi phata la Windows lenilenilo, lomwe limatchulidwa chifukwa ndilo linazindikira kuti zinthu zasokonekera, osati chifukwa ndilo lalakwa.

Kenako akuyeza ramu. Windows ili ndi choyezera chake chomwe chimatsegulidwa polemba `mdsched`, ndipo malaputopu a Dell ali ndi chawo chopezeka podina F12 poyatsa. Zonsezi zikapeza vuto, ndiye kuti lilipodi, koma zikanena kuti zonse zili bwino sizitanthauza kuti nkhani yatha, chifukwa kuyeza kwachidule kumaphonya zilema zobisika. Amisiri ambiri amadalira MemTest86, pulogalamu yoyaka kuchokera pa fulashi popanda Windows. Imalemba manambala pa malo onse a ramu, n'kuwawerenganso, n'kuona ngati abwerera momwe analili. Imazungulira kanayi, ndipo pa 16GB zimatenga maola angapo, choncho ambiri amaisiya usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira, chifukwa ramu yabwino siyenera kulakwitsa ngakhale kamodzi.

Tinene kuti paulendo wachiwiri zolakwika zaoneka. Mmisiri wopupuluma angazule ramu yatsopano ija n'kunena kuti watha. Wosamala amadziwa kuti mafunso atatu akadalipo. Kodi yolakwa ndi ramu yatsopano, ndi yakale, kapena ndi malo olowetsamo? Laputopu ya mtundu umenewu ili ndi malo awiri a ramu, choncho amachotsa imodzi n'kuyeza yotsalayo payokha. Yakale ija m'malo oyamba ikudutsa bwino. Akuisamutsira m'malo achiwiri, ikudutsanso, zomwe zikusonyeza kuti malo onse awiri ali bwino. Akuika yatsopano payokha, ndipo zolakwika zikubwerera. Akupukuta timano take tagolide, n'kuikhazikanso bwino mpaka timapini ta m'mbali titagwira, n'kuyezanso, chifukwa nthawi zina vuto limangokhala kukhazikika molakwika. Zolakwika zikadalipo, pamalo amodzimodzi. Apa mlandu watha.

Zikanathekanso kuti iliyonse payokha idutse bwino koma zikakhala pamodzi zivute. Zimenezi zimachitika ramu ziwiri zikakhala zosiyana mtundu kapena liwiro moti sizikugwirizana, ndipo mankhwala ake ndi kupeza yofanana kapena kukweza pulogalamu ya BIOS. Zikanathekanso kuti zolakwika zizioneka m'malo amodzi okha, ramu iliyonse yomwe yaikidwamo. Pamenepo vuto lili pa bolodi lalikulu, mtengo wake ndi wina, ndipo mmisiri ayenera kuimba foni asanapitirire.

Apa ndi pomwe ndime yomaliza ya kalata imasonyeza nzeru zake. Pempho loti asasinthe chipangizo asanaimbe si mwano, ndi mgwirizano womwe umateteza onse awiri. Likukhudzanso chinthu china chomwe ambiri amachidziwa mochedwa. Malaputopu ambiri amakono amakhala ndi disiki yokhomedwa ndi BitLocker, nthawi zina mwiniwake osadziwa. Bolodi lalikulu likasinthidwa, kapena zinthu zina mu BIOS zikasinthidwa, kompyuta imafunsa kiyi ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwiniwakeyo. Popanda kiyiyo mafayilo satsegukanso, ndipo palibe mmisiri amene angathyole loko wake. Choncho kalata yabwino imanena ngati mafayilo akoperedwa, ndipo mwini laputopu amayenera kupeza kiyi yake isanachoke pakhomo. Pasiwedi yosalembedwa papepala loyenda ndi laputopu yomweyo ndi chinthu chinanso chanzeru.

Kalata ili ndi malire ake. Siikonza kanthu, ndipo ikhoza kusocheretsa. Mawu osinthasintha a pa sikirini yabuluu amathanso kubwera chifukwa cha purosesa yodwala, magetsi osakhazikika pa bolodi, kapena disiki yomwe ikubweza zinthu zopunduka. Kusintha komwe kasitomala watchula kungakhale kongochitikira limodzi ndi vuto lina losagwirizana nako. N'chifukwa chake mmisiri wabwino sanazule ramu atangowerenga kalata, koma anayeza. Chomwe kalata inachita ndi kumuuza poyambira, ndipo pa vuto lomwe limaoneka kamodzi patsiku, kuyambira pamalo olakwika kumatha sabata. Kalata yodzaza ndi mayina a matenda omwe mwiniwake wawerenga pa intaneti, popanda tsiku, nthawi kapena mawu enieni a pa sikirini, imakhala yaitali koma yosathandiza kuposa kapepala kaja.

Ramu yolakwayo itachotsedwa, ntchito ina yatsala. Windows yomwe ili mu laputopuyo inaikidwa ramu yodwalayo ili momwemo, choncho mafayilo ake ena angakhale atapunduka polembedwa. Mmisiri akuyendetsa `sfc /scannow` kuti awafufuze ndi kuwakonza, ndipo zikakanika, pamenepo ndiye kuikanso Windows kumakhala ndi chifukwa chomveka, atapempha chilolezo. Akuchenjezanso mphunzitsiyo kuti atsegule mafayilo ofunika omwe anasunga m'miyezi iwiriyi, monga a malikisi a ophunzira, n'kuona ngati ali bwino, chifukwa zomwe anakopera zinadutsanso mu ramu yomweyo.

Funso lomaliza ndi lakuti adzadziwa bwanji kuti yachiradi, popeza laputopu imeneyi inkatha tsiku lathunthu osavuta ngakhale ikudwala. Yankho lili m'chiganizo chonena kuti zimachitika kamodzi kapena kawiri patsiku. Tsiku limodzi labata silitsimikiza kanthu. Koma milungu iwiri yogwira ntchito yolemera ngati ya Lolemba ndi Lachinayi lija, Excel, Chrome ndi Zoom zonse zili zotsegula, popanda kachizindikiro kofiira pa tchati cha `perfmon /rel`, ndi umboni wokwanira. Zikanakhala kuti inkavuta kamodzi pamwezi, pakanafunika miyezi iwiri kapena itatu munthu asananene motsimikiza. Pakadali pano laputopu ibwerera ndi 8GB yake yakale, ramu yolakwayo itakulungidwa payokha pamodzi ndi chithunzi cha zotsatira za MemTest86, kuti mphunzitsi akakhale ndi chosonyeza kwa yemwe anamugulitsa.